Njovu ya Fermi ndi chimfine cha Google: mbiri ya makina okhoza zonse m'kalasi koma olephera kunja

M'chaka cha 1953, pulofesa wachinyamata wa pa yunivesite ya Cornell ku America, Freeman Dyson, anakwera basi ulendo wa ku Chicago atanyamula mapepala odzaza ndi magalafu. Iye ndi ophunzira ake anakhala nthawi yaitali akuwerengera momwe tinthu tina tating'onoting'ono ta m'kati mwa atomu timagundirana, ndipo mizere ya masamu awo inkadutsa pafupi kwambiri ndi manambala amene Enrico Fermi anapeza poyesa tinthuto pa makina ake. Dyson ankapita ndi mtima wodzaza, ngati mlenje wobwera ndi nyama paphewa.

Fermi anangowaponyera diso mapepalawo n'kuwaika pambali. Atacheza pang'ono, anamufunsa mlendo wakeyo funso limodzi: m'masamuwo munali manambala angati amene iwo anali ndi ufulu wowasintha mpaka mzere utagwirizana ndi zimene zinayesedwa? Dyson anawerenga mumtima n'kuyankha kuti anayi. Fermi anamukumbutsa zimene mnzake John von Neumann ankakonda kunena, zoti munthu atamupatsa manambala anayi otere akhoza kujambula njovu, ndipo atamuwonjezera lachisanu akhoza kuigwedezetsa chitamba. Kucheza kunathera pomwepo.

Mawu amenewa ndi chiyambi chabwino cha mbiri ya vuto limene lasautsa akatswiri a masamu, a ziwerengero ndi a makompyuta kwa zaka zoposa 100. Iwo amapanga chimene amati modelo, kutanthauza lamulo la masamu lolosera chinthu kuchokera ku zinthu zina. Modeloyo amaiphunzitsa poionetsa zitsanzo zakale zimene mayankho ake ndi odziwika kale, ndipo zitsanzozo ndi zimene amati deta yophunzitsira. M'kati mwa modelo muli manambala osinthika, onga mabatani opotokola a wailesi, amene amawapotokola mpaka mayankho a modelo atafanana ndi mayankho odziwikawo. Vuto ndi lakuti mabataniwo akachuluka, modelo ikhoza kukhoza mafunso onse akale popanda kudziwa kanthu za mafunso a mawa.

Amene anaonetsa poyera kuopsa kwa zimenezi, makompyuta asanabwere n'komwe, anali Carl Runge, katswiri wa masamu wa ku Germany, m'chaka cha 1901. Iye anatenga mzere wosavuta wooneka ngati chulu, umene lamulo lake ndi `1/(1+x²)`, kuyambira pa -5 kukafika pa 5. Pamwamba pa chuluchi, pakati penipeni, mzerewo umafika pa 1, ndipo umatsetsereka mofatsa mbali zonse ziwiri mpaka kuyandikira 0.

Tsopano tiyerekeze kuti munthu sakulidziwa lamuloli, koma wangopatsidwa madontho 11 a pamzerewo, otalikirana mofanana: pa -5, pa -4, mpaka pa 5. Masamu amalola kupeza mzere wa mtundu wa polinomiyo, wokhala ndi manambala osinthika 11, umene ungaponde pa dontho lililonse mosaphonya ngakhale pang'ono. Pa madontho ophunzitsirawo mzerewo wakhoza zonse. Koma aufunse za malo amene sunaonetsedwe, monga pa 4.8. Yankho lenileni pamenepo ndi 0.04. Mzere wokhoza zonse uja umayankha kuti 1.80, nambala yoposa ngakhale nsonga ya chulu chenichenicho. Pofuna kuponda dontho lililonse, mzerewo umachita kudumpha ndi kugwa pakati pa madontho a m'mphepete.

Wina angaganize kuti mankhwala ake n'kuwonjezera madontho ndi mabatani pamodzi. Runge anaonetsa kuti zimenezo zimangokulitsa bala. Madontho akakhala 21 ndipo manambala osinthika akakhalanso 21, mzere umapondabe paliponse pamene waonetsedwa, koma m'mphepete umaphonya ndi pafupifupi 60. Chochititsa chidwi n'chakuti madontho a Runge analibe cholakwika chilichonse. Ufulu wochuluka wa mzere paokha unali wokwanira kuononga ulosi.

Deta ya m'moyo weniweni ndi yovuta kuposa pamenepo, chifukwa imakhala ngati chimanga chongokonola chimene sichinapetedwe. Muli mphale, umene ndi mgwirizano weniweni wa zinthu umene udzakhalapobe mawa. Mulinso gaga, zinthu zongochitika mwangozi tsiku limenelo: mwana amene analemba mayeso akudwala mutu, sikelo imene inapendekeka pang'ono, kalaliki amene anakopera nambala molakwika. Modelo ilibe lichero. Chimene yauzidwa n'chakuti ichepetse zophonya pa zitsanzo zimene yapatsidwa, ndipo ikakhala ndi mabatani okwanira imameza mphale ndi gaga yemwe. Mawa zitsanzo zatsopano zimabwera ndi mphale womwewo koma gaga wina, ndipo zonse zimene modelo inaphunzira kuchokera ku gaga wadzulo zimasanduka zophonya.

Ena mwa oyamba kulimbana ndi vutoli pa deta ya anthu anali akatswiri a mayeso a m'sukulu. M'chaka cha 1931, S. C. Larson analemba m'magazini ya ku America ya akatswiri a zamaphunziro za chinthu chimene anachitcha kufota. Anagawa deta yake m'magulu awiri, n'kupanga lamulo lolosera pogwiritsa ntchito gulu loyamba, kenako n'kuliyesa pa gulu lachiwiri limene lamulolo silinalione. Mphamvu ya ulosi inatsika pa gulu lachiwiri. Apa ndi pamene panazika mwambo umene ulipo mpaka lero, wobisa gawo la deta kuti likhale mayeso enieni.

Kubisa theka la deta kumapweteka pamene detayo ndi yochepa kale. Mervyn Stone wa ku London mu 1974, ndi Seymour Geisser wa ku Minnesota mu 1975, anayala maziko a njira yoyesa mosinthanasinthana. Masiku ano deta amaidula m'zigawo, tinene 10. Amaphunzitsa modelo ndi zigawo 9 n'kuiyesa pa chotsalacho, kenako amasintha chobisikacho, mpaka chigawo chilichonse chitakhalako mayeso kamodzi. Potero chitsanzo chilichonse chimagwira ntchito ziwiri, koma palibe nthawi imene modelo imafunsidwa funso limene yaona kale yankho lake.

Panali khomo lina limene gaga ankalowerabe, ndipo amene analiloza ndi David Freedman wa ku yunivesite ya California ku Berkeley, mu 1983. Iye anauza kompyuta kuti ipange tebulo la manambala ongotola mwachisawawa, la mizere 100 yopingasa ndi mizere 51 yotsika. Mzere umodzi wotsika anautcha chinthu chofunika kulosera, ndipo 50 yotsalayo anaitcha zolosera. Panalibe ubale uliwonse pakati pa manambalawo, chifukwa onse anali a maere.

Kenako anachita zimene ofufuza ambiri a nthawiyo ankachita. Anasefa zolosera 50 zija ndi sefa ya mabowo aakulu, imene mwa mwayi wokha imadutsitsa chimodzi mwa zinayi zilizonse. Zinadutsa 15. Anataya zinazo n'kupanganso modelo ndi 15 zokhazo. Ulendo uno modeloyo inaoneka yamphamvu zedi, ndipo zolosera 6 zinadutsa sefa yolimba imene magazini a sayansi amaikhulupirira. Wowerenga lipoti lomaliza, wosadziwa za 35 zotayidwa zija, akanakhulupirira kuti papezeka choonadi. Freedman anaonetsa kuti kusankha nakonso ndi batani. Munthu amene wayesa zinthu zambiri n'kusunga zokhazo zimene zagwirizana ndi deta yake, waipotokola kale modeloyo ngakhale itakhala ndi manambala ochepa.

Patatha zaka 25, kampani ya Google inakumana ndi phunziro lomweli dziko lonse likuonerera.

Ku America kuli bungwe la boma loona za matenda lotchedwa CDC. Sabata iliyonse limalandira malipoti kuchokera kwa madokotala osankhidwa m'dziko lonselo, onena kuti mwa odwala amene anabwera kuchipatala ndi angati anali ndi zizindikiro za chimfine chachikulu cha fuluwenza. Malipotiwo ankatuluka patapita sabata imodzi kapena ziwiri. Akatswiri a ku Google anaganiza kuti munthu akayamba kutentha thupi ndi kutsokomola amathamangira kukafufuza pa intaneti asanapite kwa dokotala, choncho mawu amene anthu akulemba pofufuza akhoza kuulula kufala kwa chimfine tsiku limodzi lokha litadutsa. Mu Novembala 2008 anatsegula ntchito yotchedwa Google Flu Trends, ndipo mu Febuluwale 2009 Jeremy Ginsberg ndi anzake anafotokoza njira yawo m'magazini ya Nature.

Njirayo inali yotere. Anatenga mawu ofufuzira 50 miliyoni amene anthu a ku America ankalemba kawirikawiri. Liwu lililonse analiyesa palokha kuti aone ngati kukwera ndi kutsika kwake, sabata ndi sabata, kukufanana ndi kukwera ndi kutsika kwa manambala a CDC kuyambira 2003 mpaka 2007, m'zigawo 9 za dzikolo. Manambala a CDC ophunzitsira onse pamodzi anali 1,152 basi. Apa tebulo la Freedman linali litabweranso, koma m'malo mwa zolosera 50 panali 50 miliyoni.

Gaga anaonekera msanga. Pakati pa mawu 100 amene anagwirizana kwambiri ndi chimfine panali `high school basketball`, kufufuza za mpira wa basiketibolo wa m'masukulu a sekondale. Mpirawu sudwalitsa munthu chimfine. Umangoseweredwa m'miyezi yozizira, imene ku America imafika pachimake kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, nthawi yomwe chimfine chimavutanso. Panalinso `oscar nominations`, kufufuza za opikisana pa mphoto za mafilimu, amene amalengezedwa kumayambiriro kwa chaka. Akatswiriwo anaziona zimenezi, ndipo pomaliza anasunga mawu 45 apamwamba, amene onse ankaoneka kuti akukhudza chimfine.

Sikuti iwo anali osasamala. Anatsatira mwambo wa Larson, n'kubisa nyengo ya chimfine ya 2007 mpaka 2008 kuti ikhale mayeso. Pa muyezo umene 1 amatanthauza kugwirizana kotheratu, modelo inapeza 0.90 pa deta yophunzitsira ndi 0.97 pa deta yobisika. Ndani akanakayikira?

Mu Epulo 2009 kunabuka chimfine chatsopano cha H1N1 ku Mexico ndi ku America, ndipo pa 11 Juni bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti ndi mliri wa dziko lonse. Chimfinechi chinabwera kunja kukutentha, nyengo imene fuluwenza sikhala yambiri. Google Flu Trends inapereka manambala otsika kwambiri poyerekeza ndi odwala enieni. Chifukwa chake chinali chobisika m'mayeso aja. Zaka zonse zophunzitsira, chimfine ndi kuzizira zinkabwera limodzi, ndipo m'chaka chobisikacho zinabweranso limodzi. Modelo imene inaphunzira chimfine ndi modelo imene inangophunzira kalendala zikanakhoza mayesowo mofanana. Zinthu ziwirizi zitasiyana koyamba, zinadziwika kuti mbali ina ya modeloyo inkangozindikira nyengo yozizira.

Google inaikonza modeloyo chaka chomwecho, n'kuiphunzitsanso ndi deta ya mliriwo. Kenako inayamba kuphonyera mbali ina. M'nyengo ya chimfine ya 2012 mpaka 2013 inanena kuti pachimake pafupifupi odwala 11 pa 100 alionse opita kwa dokotala anali ndi zizindikiro za chimfine, pamene CDC inapeza pafupifupi 6. Mu Malichi 2014, David Lazer, Ryan Kennedy, Gary King ndi Alessandro Vespignani analemba m'magazini ya Science kuti kuyambira Ogasiti 2011, modeloyo inakokomeza chimfine m'masabata 100 mwa masabata 108.

Ulendo uno dziko lenilenilo linali litasuntha. Nyuzipepala ndi mawailesi zikamalankhula kwambiri za chimfine, anthu athanzi nawonso amafufuza. Komanso makina ofufuzira a Google ankasinthidwa kawirikawiri: mu 2011 anayamba kupatsa anthu mawu ena oti afufuzenso, ndipo mu 2012 anayamba kuonetsa mayina a matenda munthu akalemba zizindikiro monga kutentha thupi. Modelo inkawerengabe kufufuza kulikonse ndi mtengo wakale, ngati wamalonda amene akugulitsa ndi mitengo ya chaka chatha. Lazer ndi anzake anaonetsanso kuti modelo wamba, yongotenga manambala a CDC a masabata apitawo n'kulosera a sabata ino, inkaphonya pang'ono kuposa Google Flu Trends. Mu Ogasiti 2015 Google inasiya kufalitsa manambala atsopano a ntchitoyi.

Nkhani ya chimfineyi ikusonyeza kuti matenda a modelo ali pawiri. Koyamba, modelo imaloweza gaga, ndipo deta yobisika imaugwira msanga mlandu umenewu. Kachiwiri, modelo imagwira chizindikiro chimene chinalidi choona m'deta yonse imene inalipo, yophunzitsira ndi yobisika yomwe, koma chimene si gwero la chinthu chofunika kulosera. Mlandu wachiwiriwu sugwidwa ndi mayeso odulidwa pa nsalu imodzimodzi ndi maphunziro.

M'zaka zomwezo kunakula mamodelo a mtundu wina, aukonde wa manyuroni, amene amazindikira zithunzi ndi mawu. Mabatani awo sawerengedwa anayi kapena 11, koma m'mamiliyoni. Kumapeto kwa 2016, Chiyuan Zhang, Samy Bengio, Moritz Hardt, Benjamin Recht ndi Oriol Vinyals anachita kafukufuku wosavuta kumva. Anatenga mulu wotchuka wa tizithunzi wotchedwa CIFAR-10, umene uli ndi zithunzi 50,000 zophunzitsira ndi 10,000 zoyesera, za mitundu 10 ya zinthu monga ndege, galimoto, mbalame, mphaka, galu, chule ndi hatchi. Anaphunzitsa ukonde wa manambala osinthika oposa 1.6 miliyoni ndi mayina olondola a zithunzizo. Unakhoza 100 pa 100 pa zophunzitsira, ndi pafupifupi 86 pa 100 pa zoyesera.

Atatero anasokoneza mayina onse mwa maere. Chithunzi cha galu uyu chinalembedwa kuti ndege, cha galu uyo kuti chule, popanda dongosolo lililonse. Panalibenso lamulo loti n'kuliphunzira. Ukonde womwewo unatenga nthawi yotalikirapo, koma pomaliza unakhozanso 100 pa 100. Unali utaloweza zithunzi 50,000 chimodzichimodzi. Pa zithunzi zoyesera unapeza pafupifupi 10 pa 100, zimene aliyense angapeze pongolota yankho limodzi mwa 10.

Mamodelo awiriwa anali ndi malikisi ofanana ndendende m'kalasi. Ina inkadziwa galu, ina sinkadziwa kalikonse. Choncho kukhoza zonse pa deta yophunzitsira sikutsimikiza kuti modelo ndi yoipa, komanso sikutsimikiza kuti ndi yabwino. Kumangonena kuti modeloyo ili ndi malo okwanira osungira mayankho.

Kuchokera m'mbiri yonseyi, akatswiri anatola njira zoonera vutoli lisanapweteke anthu. Pophunzitsa modelo amajambula mizere iwiri pa galafu imodzi: zophonya pa deta yophunzitsira ndi zophonya pa deta yobisika. Poyamba mizere yonse imatsika limodzi, chifukwa modelo ikutola mphale. Kawirikawiri pamafika poti mzere wa yophunzitsira ukupitiriza kutsika pamene wa yobisika waima kapena wayamba kukwera. Pamphambano imeneyo modelo yayamba kudya gaga, ndipo ambiri amaimitsa maphunziro pomwepo. Ena amachepetsa mabatani, ena amaika chilango pa manambala amene akukula kwambiri kuti mzere usamadumphe ngati wa Runge, ena amafunafuna zitsanzo zambiri kuti gaga wa ichi azifafanizidwa ndi gaga wa icho.

Phunziro la Freedman linabala lamulo lina. Deta yobisika imene munthu akuisuzumira tsiku ndi tsiku posankha modelo yabwino imasiya kukhala yobisika, pakuti kusankhako kumaitsanulira pang'onopang'ono m'kati mwa modelo. N'chifukwa chake deta amaigawa patatu: gawo lophunzitsira, gawo losankhira, ndi gawo la mayeso omaliza limene limatsegulidwa kamodzi kokha ntchito yonse itatha.

Phunziro la chimfine ndi lolemera kuposa onse, chifukwa limafuna kuti mayeso afanane ndi kumene modelo ikukagwira ntchito, osati kumene yachokera. Ngati idzalosera za chaka chamawa, aiyese pa zaka zapatsogolo pa zimene inaphunzira. Ngati idzapita kuchipatala china, aiyese pa odwala a chipatala chimene sichinapereke chitsanzo ngakhale chimodzi. Aipikisanitsenso ndi njira wamba, yonga kungobwereza nambala ya sabata yatha, ndipo ikayamba ntchito apitirize kuyerekeza ulosi wake ndi zimene zachitikadi. Google Flu Trends inakokomeza kwa zaka ziwiri pamene manambala a CDC oti n'kuitsutsa ankatuluka sabata iliyonse.

Nanga Dyson uja? Anakwera basi kubwerera ku Cornell n'kukauza ophunzira ake uthenga wowawawo. Anamaliza kuwerengera kumene anali atayamba, analemba zimene anapeza, kenako gululo linabalalika, aliyense n'kukayamba ntchito ina. Fermi anamwalira chaka chotsatira, mu 1954. Mu 1964 Murray Gell-Mann anabweretsa ganizo lakuti tinthu timene Dyson ankawerengera tija tili ndi tinthu tina m'kati mwake, totchedwa makwaki, ndipo m'kupita kwa nthawi zinatsimikizika kuti maziko a masamu a Dyson anali olakwika, ngakhale mizere yake inkadutsa pafupi ndi madontho a Fermi. Mu 2004, patatha zaka zoposa 50, Dyson analemba nkhaniyi m'magazini ya Nature, ndipo anathokoza Fermi chifukwa chomubweza iye ndi ophunzira ake panjira yosatulukira kulikonse.